Kalembedwe ka dzina ndi adiresi pa fomu ya chilankhulo china

Fomu ya viza, ya banki kapena ya sukulu ya kunja imabwezedwa kawirikawiri osati chifukwa chakuti wolembayo wanama, koma chifukwa dzina lake lalembedwa mosiyana pa mapepala awiri. Ofesala amene akuyang'ana mapepalawo sakukudziwani, ndipo makina amene amayamba kuwawerenga safunsa munthu. Iwo amangoika dzina limodzi pambali pa linzake n'kuona ngati malembo ake akufanana. Choncho ntchito yanu si kulemba dzina mokongola kapena molondola malinga ndi chilankhulo chanu. Ntchito yanu ndi kusankha kalembedwe kamodzi, kamene kali pa pasipoti, n'kukatsatira paliponse.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dzinali ndi longopeka: Tiyamike Mphatso Ng'oma-Phiri. Talisankha dala chifukwa lili ndi zonse zimene zimavuta: maina awiri oyamba, nkhodolero, mdulamawu, ndi lembo la h limene anthu a zilankhulo zina amaliwerenga mwa njira yawoyawo.

Choyamba: tsegulani pasipoti, muyang'ane pansi pa chithunzi

Tsamba la chithunzi lili ndi dzina lanu kawiri. Pamwamba lalembedwa kuti munthu aliwerenge ndi maso, ndipo pamenepo nkhodolero ndi zizindikiro zina zikhoza kuoneka. Pansi penipeni pali mizere iwiri yodzaza ndi kachizindikiro aka `<`. Mizere imeneyi ndi ya makina. Kalembedwe kake kanakhazikitsidwa ndi bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO, m'chikalata chake chotchedwa Doc 9303, ndipo maiko amakatsatira popanga mapasipoti.

Mzere uliwonse uli ndi malo 44. Mmenemo mumaloledwa malembo aakulu kuyambira A mpaka Z, manambala kuyambira 0 mpaka 9, ndi kachizindikiro ka `<` basi. Mzere woyamba umayamba ndi P, kenako malo amodzi osonyeza mtundu wa pasipoti, kenako malembo atatu a dziko, ndipo malo 39 otsalawo ndi a dzina. Wa Tiyamike ungaoneke chonchi, pogwiritsa ntchito UTO, malembo a dziko longoyerekeza amene ICAO imaika pa zitsanzo zake:

```
P<UTONGOMA<PHIRI<<TIYAMIKE<MPHATSO<<<<<<<<<<
```

Muwerenge motere. Chilichonse chimene chili kumanzere kwa `<<` ndi dzina la banja. Chilichonse chimene chili kumanja kwake ndi maina oyamba. Kachizindikiro kamodzi `<` kakuimira mpata kapena mdulamawu. Taonani kuti nkhodolero ya mu Ng'oma yangochotsedwa, malembo n'kulumikizana kukhala NGOMA, pamene mdulamawu wasanduka `<`. Limeneli ndi lamulo, si kulakwitsa kwa wosindikiza.

Koperani mzere umenewu pa kapepala kapena muujambule pa foni. Nthawi iliyonse mukakayika ngati dzina lina ndi la banja kapena loyamba, yankho lili pamenepa, ngakhale likusiyana ndi mmene mumadzitchulira. Ngati pasipoti inaika Mphatso kumanzere kwa `<<`, ndiye kuti kwa akunja Mphatso ndi mbali ya dzina la banja mpaka tsiku limene pasipotiyo idzasinthidwe.

Chachiwiri: zindikirani bokosi lililonse musanalembemo

Kusinthanitsa dzina la banja ndi dzina loyamba ndiko kulakwitsa kumene kumachitika kwambiri, ndipo kumabwera chifukwa chongoganiza kuti bokosi loyamba ndi la dzina loyamba. Mafomu ambiri a boma amayamba ndi dzina la banja. Fomu ya viza ya gulu la maiko a ku Ulaya lotchedwa Schengen, mwachitsanzo, ili ndi dzina la banja pa nambala 1, dzina la banja lobadwa nalo pa nambala 2, ndi maina oyamba pa nambala 3, ndipo imanena kuti zitatuzi zilembedwe monga zilili pa chiphaso choyendera.

Mawu amene mungawaone pa bokosi la dzina la banja ndi awa: `Surname`, `Family name` kapena `Last name` pa Chingelezi, `Nom` pa Chifalansa, `Familienname` kapena `Nachname` pa Chijeremani, `Apellidos` pa Chisipanishi, `Фамилия` pa Chirasha, `姓` pa Chitchaina ndi Chijapani. A maina oyamba ndi `Given names`, `Prénom`, `Vorname`, `Nombre`, `Имя` ndi `名`.

Pali misampha ingapo pano. Pa Chifalansa liwu loti `Nom` likakhala lokha limafuna dzina la banja, ngakhale dikishonale ingakuuzeni kuti limangotanthauza dzina. Pa Chipwitikizi nkhani ndi yokulirapo: ku Portugal `Apelido` ndi dzina la banja, koma ku Brazil liwu lomwelo limatanthauza dzina longotchulidwa ndi anzako, ndipo dzina la banja kumeneko ndi `Sobrenome`. Fomu ya Chirasha ili ndi bokosi lachitatu, `Отчество`, la dzina lopangidwa kuchokera ku dzina loyamba la bambo ake a munthu. Mlendo amene pasipoti yake ilibe zimenezi alisiye lopanda kanthu. Tiyamike asaikemo Mphatso poganiza kuti ndi bokosi la dzina lapakati, chifukwa akatero dzinalo lidzalembedwa m'makina ngati la bambo ake.

Bokosi la dzina lobadwa nalo, `Geburtsname` kapena `Nom de naissance`, ndi la amene anasintha dzina pokwatiwa kapena pa chifukwa china. Ngati simunasinthe, bwerezani dzina la banja lomwelo, pokhapokha fomuyo itanena kuti musiye.

Nanga dzina lapakati? Mapasipoti ambiri sadziwa dzina lapakati. Amangodziwa dzina la banja ndi maina oyamba. Fomu ikakhala ndi mabokosi awiri okha, Tiyamike alembe TIYAMIKE MPHATSO onse mu bokosi la maina oyamba. Ikakhala ndi lachitatu lolembedwa `Middle name`, aike TIYAMIKE koyamba ndi MPHATSO pakati. Chimene sayenera kuchita ndi kufupikitsa kukhala Tiyamike M. pamene pasipoti yalemba dzina lonse, kapena kuwonjezera dzina laubatizo limene pa pasipoti palibe. Maina ena onse amene munagwiritsapo ntchito ali ndi malo awo, pa funso lofunsa ngati munadziwikapo ndi maina ena.

Chachitatu: zizindikiro zimene fomu ikukana

Pa fomu ya pepala lembani monga zilili pamwamba pa tsamba la pasipoti: NG'OMA-PHIRI. Pa fomu ya pa kompyuta yesaninso chomwecho kaye. Ikakana, bwererani ku mzere wa makina: chotsani nkhodolero osasiya mpata, ndipo mdulamawu usanduke mpata. Zikhala NGOMA PHIRI.

Ambiri amaika mpata pamene panali nkhodolero, n'kulemba NG OMA. Makina ena akaona zimenezi amatenga NG ngati dzina palokha, ndipo kalata imabwera yolembedwa kwa munthu wotchedwa Oma. Ena amaika chizindikiro china chofanana ndi nkhodolero pofuna kupusitsa fomuyo. Fomuyo ikhoza kulandira, koma kutsogolo dzinalo limatuluka ndi tizilembo tosadziwika pakati. Muzidziwanso kuti foni zambiri zimaika nkhodolero yopindika m'malo mwa yowongoka, ndipo fomu ina imakana yopindikayo pomwe yowongoka ikanailandira. Kukopera dzina kuchokera mu uthenga wa pa foni kumabweretsa vuto lomweli, komanso kumatha kusiya mpata wosaoneka kumapeto kwa dzina.

N'zoona kuti kuchotsa nkhodolero kumawononga liwu. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire. Koma ofesala wa pa chipata sakuyang'ana tanthauzo, akuyang'ana ngati NGOMA wa pa tikiti ndi NGOMA wa pa pasipoti.

Malembo okhala ndi zizindikiro pamwamba ali ndi malamulo awo, ndipo si onse amene amangovulidwa chizindikirocho. Ŵ wa kadenga amangokhala W, é amakhala E, ç amakhala C. Koma malembo a Chijeremani nthawi zambiri amatambasuka: ä amakhala AE, ö amakhala OE, ü amakhala UE, ndipo ß amakhala SS. Munthu wa dzina loti Müller amapezeka ali MUELLER pa mzere wa makina, ndipo akalemba MULLER pa tikiti wadzipezera kalembedwe kachitatu. Ku maiko a kumpoto kwa Ulaya å amakhala AA ndipo ø amakhala OE. Pa malembo ena ICAO imalola njira zingapo, dziko lililonse n'kusankha yake, n'chifukwa chake kuloweza mndandanda sikuthandiza kwenikweni. Ngati mukulembera mnzanu kapena mlendo fomu, mupempheni chithunzi cha tsamba la pasipoti yake, musalembe kuchokera pa zimene wakuuzani pakamwa.

Tikiti ya ndege ikatuluka musadabwe kuona chonchi:

```
NGOMAPHIRI/TIYAMIKEMPHATSO MS
```

Makina a ndege nthawi zambiri amadya mipata n'kumata MR, MRS kapena MS kumapeto. Pamenepo palibe cholakwika. Cholakwika ndi lembo losowa, lembo losinthika, kapena maina amene asinthana mbali za kachizindikiro ka `/`.

Chachinayi: dzina lalitali kwambiri, kapena dzina limodzi lokha

Dzina likapitirira malo 39, pasipoti imalidula pa mzere wa makina, koma pamwamba limakhala lonse. Pa fomu lembani lonse ngati malo alipo. Ngati bokosi latha, lembani mpaka pamene lathera n'kusiya pomwepo. Osadumpha malembo a pakati pofuna kuti mathero akwane, chifukwa dzina lodulidwa kumapeto limagwirizanabe ndi chiyambi cha dzina la pa pasipoti, pamene lofinyidwa siligwirizana ndi chilichonse.

Pali anthu, monga ambiri a ku Indonesia, amene ali ndi dzina limodzi lokha. Fomu iliyonse ili ndi njira yake. Fomu ya viza ya ku America ya DS-160 imati dzinalo lipite ku bokosi la dzina la banja, ndipo ku maina oyamba kulembedwe `FNU`, kutanthauza kuti dzina loyamba silikudziwika. Njira imeneyi ndi ya fomu imeneyo, musaitengere ku fomu ina musanawerenge malangizo ake.

Chachisanu: kulemba dzina m'malembo a mtundu wina

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Fomu zina za ku Japan, ku Russia kapena ku maiko a Chiarabu zimafuna dzina lanu m'malembo awo. Dzina silimasuliridwa tanthauzo. Mphatso sasanduka liwu la Chirasha lotanthauza mphatso. Chimene chimasamutsidwa ndi kamvekedwe kake.

Musanalembe chilichonse, fufuzani ngati wina analemba kale dzina lanu m'malembo amenewo pa chikalata cha boma. Viza ya ku Russia imakhala ndi dzina m'malembo a Chirasha, lolembedwa ndi ofesi imene yapereka vizayo. Ngati lilipo, ndi lomwelo, ngakhale likumveka molakwika m'makutu mwanu. Kulikonza nokha pa fomu yotsatira kumangopanga anthu awiri m'makina awo.

Ngati palibe, ndiye kuti kalembedwe koyamba kali m'manja mwanu, ndipo kadzakutsatirani zaka zambiri. Womasulira amene sanamvepo dzina lanu adzaliwerenga ngati liwu la Chingelezi. Akaona PH adzaganiza kuti ndi f, ndipo Phiri adzakhala `Фири` pa Chirasha kapena `フィリ` pa Chijapani, zomwe zimamveka Firi. Akaona mathero a Tiyamike akhoza kuwawerenga ngati maiki. Choncho mutchulireni dzinalo pang'onopang'ono, phatikizo limodzilimodzi: Ti-ya-mi-ke, Mpha-tso, Ng'o-ma, Phi-ri. Muuzeni kuti h sasintha p kukhala f, amangosonyeza kampweya. Akalemba, mupatse munthu wina wodziwa chilankhulocho amene sanamve kukambirana kwanu, awerenge mokweza. Ngati akutchula chinthu chimene mungayankhe atakuitanani nacho pagulu, kalembedweko ndi kabwino.

Kwa Tiyamike zikhoza kutuluka motere. Pa Chirasha: `Тиямике` ndi `Нгома-Пири`. Pa Chijapani: `ティヤミケ` ndi `ンゴマ・ピリ`. Zilankhulo ziwirizi zilibe njira yosiyanitsira ng' ndi ng koyambirira kwa liwu, ndipo kampweya ka ph katayika. Palibe chochitira. Chijapani sichisiyanitsanso l ndi r, ndipo sichilola malembo opanda liwu kuunjikana, kotero chimalowetsa u kapena o pakati: Mphatso amayamba ndi mu. Chiarabu chokhazikika chilibe p, ndiye Phiri amalembedwa ndi lembo la b, `بيري`, komanso malembo a liwu aafupi nthawi zambiri salembedwa. Ichi ndi chifukwa chake dzina limodzi la Chiarabu limatuluka ngati Muhammad, Mohammed kapena Mohamed likabwera ku malembo athu, malinga ndi amene analilemba.

Tsopano chenjezo lalikulu: dzina likapita ku malembo ena, lisabwerere podzera njira yomweyo. Tinene kuti Tiyamike walandira satifiketi ya Chirasha ndipo akufuna imasuliridwe ku Chingelezi. Womasulira akangotsatira mndandanda wa ICAO, umene umasandutsa `я` kukhala IA, `Тиямике` adzakhala TIIAMIKE, ndipo `Пири` adzakhala PIRI wopanda h. Satifiketi yomasuliridwayo idzakhala ya Tiiamike Ngoma-Piri, munthu amene alibe pasipoti. Mndandanda womwewu ndi umene umachititsa kuti mayi wa ku Russia amene amadzilemba Yulia apezeke ali IULIIA pa pasipoti. Njira yopewera ndi yophweka: nthawi iliyonse mukapereka chikalata kwa womasulira, mupatseni ndi fotokope ya tsamba la pasipoti, ndipo mumuuze molemba kuti dzina likopedwe kuchokera pamenepo.

Fomu za ku Japan zili ndi tinthu tina toyenera kudziwa. Pamwamba pa bokosi la dzina pamakhala kamzere ka katchulidwe. Kakalembedwa `フリガナ`, lembani m'malembo a katakana, amene Chijapani chimalembera maina achilendo, monga `ティヤミケ` uja. Kakalembedwa `ふりがな`, lembani m'malembo a hiragana, mtundu wina wa malembo a Chijapani. Pa fomu za timabokosi, makamaka za banki, timizere tiwiri ndi kamzere kozungulira ta pamwamba pa lembo nthawi zambiri timatenga bokosi lakelake, kotero `ゴ` amadya mabokosi awiri, `ピ` chimodzimodzi. Dzina la katakana limene mwatsegulira akaunti ndi limene okutumizirani ndalama m'dzikomo ayenera kulemba, ndipo likasiyana ndi lembo limodzi ndalamazo zikhoza kubwerera.

Pali bokosi lina limene limasokoneza anthu mwa njira yosiyana, lofunsa dzina m'malembo a chilankhulo chanu, monga `Full Name in Native Alphabet` pa DS-160. Ili ndi la anthu amene chilankhulo chawo chili ndi malembo ena, monga Chiarabu, Chiamhariki kapena Chitchaina. Silikufuna dzina lanu lina la kwanu. Ngati dzina lanu limalembedwa ndi malembo omwewa, chongani `Does Not Apply`.

Chachisanu ndi chimodzi: adiresi

Lamulo la dzina linali kutsatira pasipoti. La adiresi ndi lina: ilembedwe kuti wopereka makalata wa kumene ikupitako aiwerenge. Munthu wa ku positi ya dziko lotumizira amangofuna mzere womaliza, dzina la dziko, lolembedwa m'malembo aakulu m'chilankhulo cha kumene katunduyo akuchokera kapena china chodziwika padziko lonse. Mizere ina yonse ndi ya munthu amene adzayende mumsewu kufunafuna khomo.

Pa chifukwa chimenechi maina a misewu samasuliridwa. Rua das Flores ikhale Rua das Flores, musaisandutse msewu wa maluwa m'chilankhulo chilichonse, chifukwa chikwangwani cha pa msewupo sichinasinthe. Bahnhofstraße, fomu ikakana ß, ikhale Bahnhofstrasse. Adiresi ya m'malembo ena isamutsidwe kamvekedwe kokha: `улица Мира` ndi ulitsa Mira. Dzina la mzinda lilembedwe monga eni ake amalembera pa kalata, München kapena Muenchen, koma fomu ikakhala ndi mndandanda wosankhapo, yang'ananinso pansi pa dzina la Chingelezi, Munich. Malo obadwira okha ndi amene amabwerera ku lamulo loyamba lija: akopedwe pa pasipoti.

Dongosolo la mizere limasiyana. Ku Britain ndi ku America nambala ya nyumba imatsogola, dzina la msewu pambuyo, ndipo khodi ya positi imabwera pambuyo pa mzinda. Ku Germany msewu umatsogola, nambala pambuyo, ndipo khodi ya manambala asanu imabwera mzinda usanatchulidwe. Ku Japan ndi ku China amayambira chachikulu kutsikira ku chaching'ono.

Tinene kuti Tiyamike wapeza pokhala ku Tokyo, ndipo mwini nyumba wamupatsa adiresi iyi, imene manambala ake a nyumba ndi ongoyerekeza:

```
〒100-0005
東京都千代田区丸の内1丁目2番3号 405号室
```

Chizindikiro cha `〒` chikusonyeza khodi ya positi ya manambala asanu ndi awiri. Kenako pali Tokyo, dera la Chiyoda, chigawo cha Marunouchi, ndi manambala atatu: 1 ndi gawo la chigawocho, 2 ndi mdadada, 3 ndi nyumba. Chomaliza ndi chipinda 405. Palibe dzina la msewu, chifukwa adiresi zambiri za ku Japan zimawerenga midadada, osati misewu. Pa fomu ya Chijapani akopere momwemo. Pa fomu ya Chingelezi atembenuze dongosolo la zigawo:

```
Room 405, 1-2-3 Marunouchi
Chiyoda-ku, Tokyo 100-0005
JAPAN
```

Taonani kuti zigawo zatembenuka koma manambala atatu aja sanatembenuke. Akadali 1-2-3. Wina akawatembenuza nawonso n'kulemba 3-2-1, waloza nyumba ina m'gawo lina. Mu bokosi la `Street address` mulowe mzere woyamba, ngakhale mulibe msewu.

Zimachitikanso mbali inayo: fomu yakunja ikufuna nambala ya nyumba, msewu ndi khodi, pamene kumene mukukhala kulibe zimenezi. Siyanitsani kaye mabokosi awiri. `Residential address` ndi kumene mumagona, ndipo fomu zambiri za banki ndi za viza sizilola bokosi la ku positi pamenepa. Lembani nambala ya puloti ngati ilipo, dzina la dera, ndi tauni yapafupi. `Mailing address` ndiye keyala yolandirira makalata, ndipo bokosi la ku positi limapita kumeneko. Nambala ya bokosi la ku positi si khodi ya positi, ngakhale ambiri amaiika m'malo mwake. Ngati dera lanu lilibe khodi, chongani posonyeza kuti sizikukukhudzani. Fomu ikakakamira kuti mulembemo kanthu, werengani malangizo ake kapena funsani eni ake, chifukwa manambala opeka akhoza kukhala khodi yeniyeni ya malo ena. Ndipo ngati adzafuna umboni wa kumene mukukhala, monga bilu ya magetsi kapena kalata ya banki, adiresi ya pa fomu ikopedwe pa umboniwo liwu ndi liwu.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku lobadwa ndi dzanja lanu

Dzina limayendera limodzi ndi tsiku lobadwa pozindikira munthu. 04/07/1995 ndi 4 Julayi kwa ambiri, koma ku America ndi 7 Epulo. Yang'anani tizilembo ta pansi pa bokosi: `DD/MM/YYYY`, `MM/DD/YYYY`, kapena `YYYY-MM-DD` monga ku China ndi ku Japan. Pa Chifalansa mudzaona `JJ/MM/AAAA`, pa Chijeremani `TT.MM.JJJJ`. Ngati palibe chokutsogolerani, lembani mwezi m'mawu. Pa mzere wachiwiri wa makina tsikuli limalembedwa chaka, mwezi, tsiku, manambala awiriawiri, kotero 4 Julayi 1995 ndi `950704`.

Pa fomu ya pepala lembani malembo aakulu osalumikiza, limodzi pa bokosi, n'kusiya bokosi limodzi pakati pa maina. Samalani U ndi V, komanso O ndi 0 pa nambala ya pasipoti. Ku Ulaya ambiri amalemba 1 ndi kamchira kakatali ndipo 7 amamudula pakati, ndiye 7 wanu wosadula akhoza kuwerengedwa ngati 1. Siginecha yokha siisinthidwa: sainani monga munasainira pa pasipoti.

Mukapeza kuti mapepala akusiyana kale

Yalani pa tebulo pasipoti, satifiketi yobadwira, masatifiketi a sukulu ndi chiphaso choyendetsera galimoto, muwerenge dzina lililonse lembo ndi lembo, kuyambira kumapeto kubwerera kumbuyo kuti diso lisangodumpha. Zimene zimapezeka kawirikawiri ndi l pa pepala lina ndi r pa linzake, monga Phili ndi Phiri, h wosowa, kapena dzina lachiwiri limene lili pa satifiketi koma pa pasipoti palibe.

Pa fomu lembanibe za pa pasipoti, ndipo kalembedwe kenako mukatchule pa funso la maina ena. Kenako onani kumene kunachokera cholakwikacho. Ngati yolakwika ndi satifiketi, pemphani amene anaipereka aikonze kapena alembe kalata yotsimikizira kuti ndi yanu. Maofesi ambiri amalandiranso chikalata cholumbirira pamaso pa loya kapena woweruza chonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, koma funsani kaye ofesi imene mukuperekako ngati imachilandira komanso ngati chiyenera kumasuliridwa. Ngati yolakwika ndi pasipoti yeniyeniyo, ikonzedwe musanapemphe viza, chifukwa viza imakopera pasipoti, chiphaso chokhalira m'dziko chimakopera viza, banki n'kukopera chiphasocho.

Viza ikatuluka, iwerengeni musanachoke pa zenera kapena tsiku lomwelo limene yafika, ndipo ngati pali lembo lolakwika ibwezeni ku ofesi imene yaipereka, musaikonze ndi cholembera. Tikiti ya ndege yolakwika imakonzedwa ndi amene anakugulitsani, kaya ndi kampani ya ndegeyo kapena wogulitsa matikiti. Muwauze kuti mukufuna kukonza kalembedwe ka dzina, osati kusintha dzina, chifukwa makampani ambiri amalola choyambacho koma amakana chachiwiricho, ndipo muwatumizire chithunzi cha tsamba la pasipoti chooneka bwino mizere iwiri ya pansi ija.